Kodi ESG Imachulukitsa Phindu? Kuyerekeza Njira Zinayi Zoikira Ndalama m'Masheya

Munthu amene akufuna kusunga ndalama zake za ukalamba m'masheya masiku ano amakumana ndi matumba ambiri a ndalama olembedwa zilembo zitatu, ESG. Zilembozi zimaimira mafunso atatu amene wogula masheya angafunse za kampani: imasamala bwanji chilengedwe, imakhala bwanji ndi anthu monga antchito ake, ogula katundu wake ndi okhala moyandikana nayo, ndiponso imayendetsedwa bwanji ndi akuluakulu ake. Dzinali linatchuka kuchokera mu 2004, pamene bungwe la United Nations motsogozedwa ndi Kofi Annan linaitana mabanki akuluakulu kuti alingalire za nkhaniyi, ndipo mu 2006 panakhazikitsidwa mfundo zimene makampani osunga ndalama za anthu amasainira polonjeza kuti aziganizira zinthu zitatuzi. Lonjezo limene ogulitsa matumbawa anabwera nalo linali lokoma kumva, lakuti munthu angathe kuchita chabwino ndipo nthawi yomweyo n'kupeza phindu loposa la anzake.

Ine ndimakhulupirira kuti mtsutso wa nkhaniyi watalika chifukwa anthu amayankha funso limodzi pamene akunena za ntchito zinayi zosiyana. Wina amasala makampani ena osawagula n'komwe, wina amatsata malikisi operekedwa ndi mabungwe opima makampani, wina amadzifufuzira yekha ngozi zimene msika sunazione, ndipo wina amagula masheya kuti akalowe m'kati ndi kukakamiza kampani kusintha. Onsewa amatchedwa ndi dzina limodzi, koma njira iliyonse ili ndi mtengo wake ndi chiyembekezo chake. Muyeso wa onsewa ndi umodzi: thumba wamba lotsika mtengo limene limangogula makampani onse a pamsika osasankha. Njira imene siliposa thumba limeneli, malipiro onse atachotsedwa, siinachulukitse phindu, ngakhale ingakhale yabwino pa zifukwa zina.

Kampani yabwino si sheya yabwino nthawi zonse

Tisanalowe mu njirazo pali masamu ochepa amene akufunika kumveka, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Tiyerekeze makampani awiri ofanana pa zonse, ndipo iliyonse imagawira mwini sheya madola 10 pachaka mpaka kalekale. Sheya ya iliyonse ikugulidwa pa madola 100, choncho wogula akupeza 10 peresenti pachaka. Kenako anthu ambiri ayamba kukonda kampani yoyamba chifukwa imasamala chilengedwe, ndipo akunyansidwa ndi yachiwiri chifukwa imaipitsa mpweya. Ogula akachuluka, sheya ya yoyamba ikukwera kufika pa madola 125, ndipo ogulitsa akachuluka, ya yachiwiri ikutsika kufika pa madola 80.

Amene anagula kampani yoyamba kale, mtengo usanakwere, wapindula madola 25 pa sheya iliyonse ndipo ali ndi chifukwa chomveka chonenera kuti kusamala chilengedwe kumalipira. Koma amene akugula lero akulipira 125 kuti azilandira 10, ndiye kuti 8 peresenti yokha, pamene wogula kampani yonyansidwayo akulipira 80 kuti azilandira 10 yomweyo, imene ndi 12.5 peresenti. Phindu la dzulo la masheya okondedwa ndi limene likuchepetsa phindu lawo la mawa. Akatswiri atatu a zachuma, Pástor, Stambaugh ndi Taylor, anafotokoza mfundo imeneyi mu 2021 ndi 2022, ndipo anaonetsa kuti kuchita bwino kwa masheya osamala chilengedwe m'zaka za m'ma 2010 kunachokera kwambiri pa kukula kosayembekezeka kwa nkhawa ya anthu pa kusintha kwa nyengo, osati pa lamulo lakuti masheya otere amabala zambiri nthawi zonse.

Pali umboni woonekera bwino wa zimenezi pa msika wa ngongole za boma. Kuyambira mu 2020 boma la Germany limagulitsa zikalata za ngongole ziwiriziwiri ngati mapasa: tsiku lobwezera ndi limodzi, chiwongola dzanja cholembedwa ndi chimodzi, wobweza ndi mmodzi, koma ndalama za chikalata chimodzi zimawerengedwa kuti zapita ku ntchito zoteteza chilengedwe. Chikalata chimenechi chakhala chikugulidwa mokwerako mtengo pang'ono, kotero kuti wochigula amapeza phindu locheperako pang'ono kuposa wogula mnzake. Kusiyanaku n'kwakung'ono kwambiri, koma kukuloza kumene masamu aja akuloza.

N'chifukwa chake munthu ayenera kusamala akamva za kafukufuku wotchuka wa mu 2015, pamene Friede, Busch ndi Bassen anasonkhanitsa zotsatira za ntchito za kafukufuku zoposa 2,000 n'kupeza kuti pafupifupi 90 peresenti mwa izo sizinapeze kuti kusamala zinthu zitatuzi kumavulaza chuma cha kampani. Mawuwo ndi oona, koma "sikuvulaza" ndi "kumachulukitsa" ndi mawu awiri osiyana, ndipo chuma cha kampani si phindu la wogula sheya. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti akayang'ana matumba enieni a masheya, zotsatira zambiri zinali zopanda mbali kapena zosakanikirana.

Njira yoyamba: kusala makampani ena

Iyi ndi njira yakale kuposa zonse, ndipo magulu achipembedzo anaiyamba dzina la ESG lisanabadwe. Mwini ndalama amalemba mndandanda wa zimene sazifuna, monga fodya, njuga, zida zankhondo kapena malasha, ndipo thumba limagula zotsalazo. Thumba lalikulu la boma la Norway limachita chomwechi: linachotsa makampani opanga fodya mu 2010, ndipo kuyambira mu 2016 linayamba kuchotsa makampani a migodi ndi a magetsi amene 30 peresenti kapena kuposa ya ntchito yawo imadalira malasha. Ubwino wa njirayi ndi wakuti ndi yoonekera. Munthu angathe kutsegula mndandanda wa zimene thumba lagula n'kudzionera yekha ngati lonjezo lasungidwa.

Pa nkhani ya phindu, umboni sukuikomera kwenikweni. Mu 2009 Hong ndi Kacperczyk anafufuza masheya a makampani a mowa, fodya ndi njuga ku America kwa zaka makumi anayi, ndipo anapeza kuti ankaposa masheya ofanana nawo ndi pafupifupi 3 peresenti pachaka. Chifukwa chimene anapereka ndi chomwe chija: matumba a penshoni ndi mabungwe ena oopa manyazi amawapewa, mtengo umatsika, ndipo wogula wopanda manyazi amakolola. Ofufuza ena pambuyo pake anati phindulo limachokera pa mtundu wa makampaniwo, amene amapanga ndalama zambiri osafunika kumanga mafakitale atsopano kawirikawiri, osati pa kusalidwako. Kaya chifukwa chake n'chiti, wosala anaphonya phindulo. Thumba la penshoni la antchito a boma ku California, CalPERS, linaganiza zosiya masheya a fodya mu 2000, ndipo patatha zaka pafupifupi khumi ndi zisanu alangizi ake anawerengetsa kuti chiganizocho chinaliphonyetsa madola oposa 3 biliyoni. Chochititsa chidwi n'chakuti mu 2016 akuluakulu a thumbalo, ataona chiwerengerocho, anasankha kupitiriza kusala fodya. Ine ndimalemekeza chiganizo chotere kuposa cha munthu wonena kuti kusala sikutayitsa kanthu, chifukwa iwo anadziwa kuti walira mvula walira matope, ndipo anavomera matopewo maso ali poyera.

Kusala makampani a mafuta kumaonetsa china, chakuti zotsatira za chaka chimodzi kapena ziwiri sizitsimikiza chilichonse. Mu 2020, mliri utaimitsa maulendo, masheya a makampani a mafuta ndi gasi pa mndandanda wa S&P 500, wa makampani akuluakulu a pa msika wa ku America, anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene msika wonse unakwera ndi pafupifupi 18 peresenti. Makampaniwa anali pafupifupi 4 peresenti ya mndandandawo poyamba chaka, choncho thumba limene linalibe mafuta linaposa msika ndi mapointi awiri a peresenti kapena kuyandikira apo, ndipo nyuzipepala zinadzaza ndi nkhani zakuti ESG yapambana mayeso. Mu 2022 zinthu zinatembenuka. Nkhondo ya ku Ukraine itakweza mtengo wa mafuta, masheya omwewo anakwera ndi pafupifupi 65 peresenti pamene msika wonse unatsika ndi 18 peresenti. Mafuta anali pafupifupi 3 peresenti ya mndandanda, kusiyana kwa mbali ziwirizi kunali koposa mapointi 80, ndipo munthu akachulukitsa ziwerengero ziwirizi apeza kuti thumba lomwe lija linatsalira ndi mapointi awiri ndi theka. Nyuzipepala zinalembanso kuti ESG yalephera. Pa zaka ziwiri zonsezi sipanayesedwe khalidwe la kampani iliyonse, koma mtengo wa mafuta basi.

Palinso funso limene wosala ayenera kudzifunsa moona mtima, ngati kusalako kumasintha kampaniyo. Sheya ikagulitsidwa siifa, imangopita m'manja mwa wina amene sasamala. Berk ndi van Binsbergen anawerengetsa kuti pa kuchuluka kwa ndalama zosala zimene zilipo, kukwera kwa mtengo wopezera ndalama kwa kampani yosalidwa n'kochepa kwambiri moti sikungasinthe zochita zake. Njirayi ndi yoyenera munthu amene chikumbumtima chake sichilola kudya phindu la malonda ena, ndipo chimenecho n'chifukwa chokwanira pachokha.

Njira yachiwiri: kutsata malikisi a mabungwe opima

Apa m'pamene ndalama zambiri za anthu wamba zimalowa, ndipo ndi njira imene ine ndimaikayikira kuposa zonse. Mabungwe monga MSCI, Sustainalytics ndi S&P Global amapima makampani n'kuwapatsa malikisi, ndipo thumba limagula okhoza bwino m'gulu lililonse la malonda: mabanki okhoza pakati pa mabanki, a migodi okhoza pakati pa a migodi. Chifukwa cha kasankhidwe kameneka thumba silipatuka kwambiri pa msika wonse, zimene zili bwino pochepetsa ngozi, koma zimatanthauzanso kuti wogula angadabwe kupeza kampani ya mafuta m'thumba limene ankaliyesa la chilengedwe. Mu Meyi 2022 kampani ya magalimoto a magetsi ya Tesla inachotsedwa pa mndandanda wa S&P 500 ESG pamene kampani ya mafuta ya ExxonMobil inatsalamo. Sikunali kulakwitsa kwa kalaliki, koma zotsatira za malamulo a mndandandawo, amene amayerekeza kampani ndi anzake a m'gulu lake ndipo amawerengera zinthu monga madandaulo a antchito.

Vuto lalikulu ndi lakuti opimawo sagwirizana. Berg, Kölbel ndi Rigobon anayerekeza malikisi a mabungwe asanu ndi limodzi, ndipo mu 2022 anasindikiza zimene anapeza. Pa sikelo imene 1 ikutanthauza kugwirizana kotheratu ndipo 0 ikutanthauza kusagwirizana n'komwe, malikisiwo ankagwirizana pa 0.54, pamene mabungwe opima kukhulupirika kwa makampani pobweza ngongole amagwirizana pa 0.99. Ndipo gawo loposa theka la kusiyanaku silinachokere pa kusiyana maganizo pa chimene chili chofunika, koma pa kapimidwe ka chinthu chimodzi chomwecho. Bungwe lina lingapime kasamalidwe ka antchito poyang'ana kuchuluka kwa osiya ntchito, lina poyang'ana milandu ya kukhoti, lina poona ngati kampani ili ndi ndondomeko yolembedwa. Ngati kampani imodzi ikukhoza kwa wopima uyu n'kulephera kwa uyo, funso lakuti "kodi makampani okhoza amapindulitsa kwambiri" lilibe yankho limodzi, chifukwa yankho limatengera amene wagwira cholembera.

Chinanso n'chakuti malikisi ambiri amadalira zimene kampani yanena yokha, choncho makampani akuluakulu okhala ndi antchito olemba malipoti okongola amakhoza bwino kuposa ang'onoang'ono. Kumayambiriro kwa Seputembala 2015 kampani ya Volkswagen inalengezedwa kuti ndi yotsogola pakati pa opanga magalimoto pa mndandanda wa Dow Jones wa makampani osamala. Pa 18 mwezi womwewo bungwe loteteza chilengedwe la boma la America linaulula kuti magalimoto ake a dizilo anali ndi pulogalamu yonamiza makina opimira utsi, ndipo kampaniyo inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni anakhudzidwa. M'masiku awiri a malonda sheya yake inataya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mtengo wake. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo malikisi amene amapima khungu la mkuyu sangaone nyererezo. Anatsitsidwa nkhani itaphulika kale, wogula atataya kale ndalama.

Anthu ambiri sadziwanso kuti malikisi ena otchuka sapima mmene kampani ikuwonongera dziko, koma mmene nkhani za chilengedwe ndi za anthu zingawonongere chuma cha kampaniyo. Fakitale yogwiritsa madzi ambiri imene ili kudera la mvula yambiri ingakhoze bwino pa nkhani ya madzi, osati chifukwa imasunga madzi, koma chifukwa madziwo sadzaithera.

Pomaliza pali malipiro a oyendetsa thumba, amene ndi chinthu chokhacho chodziwika bwino lomwe pa tsiku logula. Tiyerekeze munthu waika madola 10,000 kwa zaka 30, msika ukubala 7 peresenti pachaka. M'thumba lotenga 0.1 peresenti pachaka ndalamazo zifika pafupifupi madola 74,000. M'thumba lotenga 0.6 peresenti zifika pafupifupi madola 64,300. Theka la peresenti limene limaoneka ngati kanthu kochepa ladya madola pafupifupi 9,700, ndalama zotsala pang'ono kufanana ndi zimene munthuyo anayamba nazo. Alipo matumba a ESG otsika mtengo, ndipo amenewo phindu lawo limakhala loyandikana ndi la msika, nthawi zina pamwamba pang'ono, nthawi zina pansi. Choipa ndi thumba limene makampani ake khumi oyamba ndi omwewo a m'thumba wamba, koma likulipiritsa kuwirikiza kangapo chifukwa cha zilembo zitatu za pachikuto.

Njira yachitatu: kufufuza ngozi zimene zimakhudza malondawo

Wotsata njirayi sasala kampani iliyonse pachiyambi, ndipo salabadira malikisi onse pamodzi. Amafunsa kuti pa malonda a kampani iyi ndi nkhani iti imene ingakhudze ndalama zake, kenako amaifufuza mozama. Kwa kampani ya migodi ndi madamu osungira zinyalala za mgodi ndi chitetezo cha antchito, kwa banki ndi kusunga chinsinsi cha makasitomala ndi kabwereketsedwe, kwa wopanga simenti ndi msonkho wa mpweya woipa. Kuchuluka kwa mapepala amene banki imagwiritsa mu ofesi kulibe ntchito, ngakhale kumaoneka bwino mu lipoti.

Nkhani ya kampani ya migodi ya Vale ku Brazil imaonetsa mphamvu ndi malire a njirayi. Mu Novembala 2015 damu la zinyalala za mgodi wa Samarco, umene eni ake anali Vale ndi kampani ina ya migodi ya BHP, linaphulika pafupi ndi Mariana n'kupha anthu 19. Wofufuza wakhama akanafunsa pamenepo kuti kampaniyi ili ndi madamu angati omangidwa mwa njira yomweyo, yokweza khoma pamwamba pa matope akale, ndiponso kuti kumunsi kwake kuli anthu angati. Pa 25 Januwale 2019 damu lina la Vale la mtundu womwewo linaphulika ku Brumadinho nthawi ya nkhomaliro, matope anakwirira chipinda chodyera cha antchito, ndipo anthu 270 anafa. Pa tsiku loyamba la malonda pambuyo pake sheya ya Vale inatsika ndi 24 peresenti. Chenjezo linalipo kwa zaka zitatu. Komabe amene anagulitsa masheya ake atangomva za Mariana anagulitsa pa nthawi imene mtengo unali pansi kwambiri, ndipo anaonerera sheyayo ikukwera kuwirikiza kangapo m'zaka zitatuzo chifukwa mtengo wa miyala ya chitsulo unakwera. Anaona ngozi molondola, koma pa ndalama anataya. Imfa za anthu 270 sizingaikidwe pa sikelo imodzi ndi mtengo wa sheya, ndipo ndikunena zimenezi pofuna kuonetsa kuti msika sulanga choipa pa nthawi yake kapena pa muyeso wake.

Umboni wabwino kwambiri wa njirayi umachokera ku mbali ya antchito. Mu 2011 Alex Edmans anafufuza makampani a pa mndandanda wa malo 100 abwino kugwirako ntchito ku America kuyambira 1984 mpaka 2009, ndipo anapeza kuti masheya awo ankaposa a makampani a m'gulu lawo ndi pafupifupi 2 peresenti pachaka. Chifukwa chake n'chimene chili chofunika: makampaniwa ankapanga phindu loposa limene akatswiri ankayembekezera, kutanthauza kuti msika unkachedwa kuzindikira mtengo wa antchito okhutira. Phindu loposa la msika limabwera pokhapokha pamene ena sanaone chimene iwe waona. Nkhani ikadziwika ndi aliyense imalowa mu mtengo wa sheya, ndipo tabwerera ku masamu a madola 125 aja. Kotero njirayi ingapindulitse, koma ndi ntchito yosankha masheya ngati ina iliyonse, ndipo mbiri ya matumba osankha masheya ndi yodziwika: ambiri mwa iwo, pa zaka khumi kapena khumi ndi zisanu, amatsalira kumbuyo kwa thumba wamba malipiro akachotsedwa.

Njira yachinayi: kukhala mwini wolankhula

M'malo mothawa kampani yoipa, mwini masheya amakhalabe, n'kugwiritsa ntchito voti yake pa msonkhano wa pachaka, kulembera bodi makalata ndi kukumana ndi akuluakulu. Mwa njira zinayizi, iyi yokha ndi imene masamu ake amalola kuti kusintha dziko ndi kupeza phindu ziyendere limodzi, chifukwa munthu amagula pa madola 80, n'kuthandiza kampani kukonza vuto, mtengo n'kubwerera cha ku 100. Dimson, Karakaş ndi Li anafufuza zokambirana zotere zoposa 2,000 zimene kampani ina yosunga ndalama inachita ndi makampani a ku America pakati pa 1999 ndi 2009. Zimene zinatheka zinali 18 peresenti yokha, koma pamene zinatheka sheya inaposa msika ndi pafupifupi 7 peresenti m'chaka chotsatira, ndipo pamene zinalephera sipanakhale kutaya koonekera.

Chitsanzo chodziwika ndi cha mu Meyi 2021, pamene thumba laling'ono la Engine No. 1, lokhala ndi 0.02 peresenti yokha ya masheya a ExxonMobil, linalowetsa anthu atatu mu bodi ya kampaniyo. Mutu umodzi susenza denga: linapambana chifukwa matumba akuluakulu monga BlackRock, Vanguard ndi State Street anavotera ena mwa anthu ake, ndipo linawakopa ndi mfundo ya ndalama, yakuti kampaniyo inkawononga chuma pa ntchito zosabweza. Sheyayo inakwera kwambiri pambuyo pake, koma inakwera limodzi ndi makampani onse a mafuta, ndipo mu 2023 kampaniyo inalengeza kuti ikugula Pioneer, kampani ina yokumba mafuta, pa madola pafupifupi 60 biliyoni. Ndi kovuta kunena kuti chipambano cha voti chija chinasintha njira ya kampaniyo. Munthu wamba sangachite ntchito imeneyi yekha, ndipo chimene angathe ndi kusankha thumba limene limaichita moona.

Mmene mungapimire thumba musanagule

Dzina la pachikuto silitsimikiza chilichonse, ndipo oyang'anira misika aona zimenezi. Mu 2022 bungwe la boma la America loyang'anira msika wa masheya linalipiritsa nthambi ya banki ya BNY Mellon chindapusa cha madola 1.5 miliyoni, ndipo mu 2023 linalipiritsa kampani yosunga ndalama za anthu ya DWS madola 19 miliyoni, onsewa chifukwa cha kunena za ESG zimene sizinkagwirizana ndi zochitika m'kati. Ku Ulaya, lamulo loyamba kugwira ntchito mu Malichi 2021 limafuna kuti thumba linene ngati limangolimbikitsa nkhanizi kapena ndi cholinga chake chenicheni, koma ngakhale pamenepo matumba ambiri anadzitsitsa okha gulu chakumapeto kwa 2022 malamulo atayamba kumveka bwino.

Choyamba kuyang'ana ndi mndandanda wa makampani khumi aakulu a m'thumbalo, kuuika pambali pa wa thumba wamba, kenako kuyerekeza malipiro a awiriwo. Ngati mindandanda ikufanana koma malipiro akusiyana, mwapeza yankho. Ngati wogulitsa akuonetsa chithunzi cha phindu loposa msika, funsani zaka zimene chithunzicho chikuyambira ndi kuthera, chifukwa chothera mu 2021 ndi chothera mu 2022 zimanena nkhani ziwiri zotsutsana. Funsaninso ngati phindulo likuyerekezedwa ndi makampani a m'magulu ofanana, popeza matumba ambiri a ESG amakhala ndi makampani ochuluka a makompyuta ndi ochepa a mafuta, ndipo chimene chikutamandidwa chingakhale kupendekera kumeneku basi. Ngati thumba likunena kuti limalankhula ndi makampani, pemphani kaundula wa mavoti ake, amene matumba ambiri amasindikiza chaka ndi chaka, muone kangati linavotera motsutsana ndi akuluakulu a kampani pa nkhani zimene limati limazisamala.

Kwa munthu amene cholinga chake ndi phindu lokha, sindiona umboni wokwanira womuchotsera pa thumba wamba lotsika mtengo, makamaka ngati oyendetsa thumbalo amavota mosamala. Kwa amene safuna kukhala mwini wa malonda ena, thumba losala lokhala ndi mndandanda womveka ndi malipiro oyandikana ndi a thumba wamba ndi loyenera, bola alembe pa pepala tsiku logula kuti padzakhala zaka zimene adzatsalire ndi mapointi awiri kapena atatu, kuti chaka chonga 2022 chikadzafika asadzagulitse mwamantha. Amene akufuna kuti ndalama zake zisinthe zochita za makampani ayang'ane njira yachinayi, ndipo ayambe ndi kaundula wa mavoti asanawerenge kabuku kotsatsa malonda.